Kamwezi pa Foni ya Achimwene

Achimwene anga amayendetsa galimoto yokoka magalimoto owonongeka, ndipo ku galaji amawatcha Chingwe. Ndi munthu wosalankhula zambiri. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amaganiza kaye. Manja awo sasowa girisi ngakhale pa ukwati, ndipo nsapato amazivulira pakhomo zitaloza kunja, chifukwa ntchito yawo imatha kuwaitana nthawi ina iliyonse.

Foni yawo ndiye inali yolongolola. Gulu la mpira, gulu la kutchalitchi, la anzawo akusukulu amene amatumizirana nthabwala zomwezomwezo usiku onse. Kuizimitsa sakanatha, poopa kuti a ku galaji awasowa. Tsiku lina anasinza ali pachiwongolero mpaka anagunda geti la abwana, ndipo madzulo ake anakhala pampando n'kumaitosatosa foniyo. Kuyambira pamenepo, ikangokwana 9 koloko usiku pamatuluka kamwezi pamwamba pa foni, kenako zii mpaka m'mawa.

Alamu anga, omwe amasoka zovala pakhonde, sanakondwe nazo. Inenso ndisaname, sindinakondwe. Mwamuna amene foni yake yangophunzira ulemu mwadzidzidzi, pali chimene waiuza.

"Mauthenga akubwera ndithu, alamu," anandiuza tsiku lina akuluma ulusi. "M'mawa amadzaza. Koma salira. Imalira nambala imodzi yokha, ndiye mawu ake ndi a mkazi. Akangomva, nsapato kuphazi."

"Dzina analemba ndani?"

"Ofesi Usiku."

Ndinaseka mowawa. Ndani sadziwa kuti mayina otere ndi amene amathetsa mabanja? M'malo mozimitsa motowo ndinathirapo palafini. Ndinati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, musadikire kuti mphepo imuulutse.

Loweruka lake alamu anafika kwanga ndi chikwama, maso ali psuu. Sanakanganepo ndi achimwene, anangonyamuka iwo ali kuntchito. Anati akufuna aone ngati foni imene imalirira mkazi wa ku ofesi ingalirirenso iwo. Ikapanda kulira, banja lathera pomwepo.

Kamwezi katatuluka anaimba. Kwathu tinkamva ikuitana, ikuitana, mpaka inaduka yokha.

"Imbaninso," ndinatero.

"Ine ndiimbe kawiri? Uja amaimba kangati?"

Anaika foni patebulo n'kutembenukira kukhoma. Ndinawamva akulira chamumtima, ndipo ndinachita mantha kuti zimene ndinakolezera zapsereza nyumba ya mlongo wanga.

Kutangocha, chigalimoto chija chinaima pakhomo panga. Achimwene anali atandiimbira madzulo kufunsa ngati alamu ali kuno, ine n'kuwayankha mwamwano kuti awasiye apume, ndiye anakagona. Tsopano anali ataona kuti alamu anaimba usiku. Analowa foni ili m'manja, nkhope ili yotuwa.

"Mayi a mwana, kwagwanji? Mwadwala?"

"Tsegulani foniyo," alamu anatero. "Ndione amene amaloledwa kukudzutsani."

Achimwene anatsegula osazengereza, zimene zinandikhumudwitsa pang'ono. Anatisonyeza pamene anaika nthawi yoti foni ikhale chete, ndi pamene anasankha kuti azilira ndi okhawo amene mayina awo anawaika kanyenyezi. Mayinawo analipo awiri: Abwana, ndi Ofesi Usiku.

"Amenewa ndi mayi aja olandira matelefoni ku galaji, amene munawasokera diresi la ukwati wa mdzukulu wawo," anatero. "Ena onse amadikira kuche. Koma wina aliyense akaimba kachiwiri nthawi yomweyo, imalira. Mukanaimbanso."

Ine ndinayang'ana pansi. Alamu sanayang'ane pansi ayi. Za mayi a ku ofesi anali ataziiwala kale, maso ali pa mayina awiri aja.

"Nanga ine ndili pati?"

Achimwene anaganiza kaye, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo ndinalakalaka kuwagwedeza.

"Inu mumagona kumsana kwangaku," anatero potsiriza. "Chikwatirane sitinagonepo nyumba zosiyana. Sindinaganize kuti lidzafika tsiku loti mundifune pa foni usiku."

Alamu anawalanda foniyo, anafufuza dzina lawo, n'kudina kanyenyezi okha ndi chala chawo chobayidwabayidwa ndi singano. Ine ndinatsokomola kuti mwina andikumbukira, koma palibe anatembenuka. Mpaka lero ndilibe kanyenyezi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake.

Achimwene ananyamula chikwama chija n'kuchiika m'galimoto. Pambuyo pake alamu anandiuza kuti usiku womwewo, kamwezi katatuluka ndipo achimwene atayamba kuliza mkonono, anatenga foni yawo mwakachetechete n'kuwaimbira ali nawo pabedi limodzi. Inalira ulendo woyamba womwewo. Achimwene anadzambatuka, phazi lili kale pansi kufunafuna njira ya ku nsapato, alamu n'kuwagwira mkono.

"Gonani, bambo a mwana. Ndine."