Kalata Yopanda Liwu

Zaka zoyambirira za ndale za zipani zambiri, ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Mafoni a m'manja anali asanafike, choncho Loweruka masana anthu othyola tiyi ankabwera pakhonde la ofesi kuti ndiwawerengere makalata. Ndimalilakalaka khonde lija mpaka lero, fungo la masamba ofota lochokera ku fakitale, ndi anthu akunong'onezana m'Chilomwe podikira.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire, wamasiye, atanyamula kalata yochokera kwa mwana wake wamkazi amene ankadwala chifuwa chachikulu ku Limbe. Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo wojomba masiku angapo ankatha kuchotsedwa ntchito ndi kutulutsidwa m'nyumba ya kampani. Mayiyo ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: apite kapena asapite.

Ndinawerenga malonje, kenaka ndinafika pa mzere wakuti, "Kuchipatala ndimalandira mankhwala." Nkhope yawo inamasuka, koma anandigwira mkono.

"Bwerezani pamenepo, achimwene."

Pobwereza, liwu langa linatsetsereka mwa mtundu wina. Poyamba ndinali nditayambira pamwamba, pa "ndi" woyamba, monga timanenera chinthu chimene munthu amachita masiku onse. Kachiwiri ndinayambira pansi n'kukweza pa "la", monga timanenera zimene zinkachitika m'mbuyomu.

"Iii, akalaliki! Mwana wanga mwam'patsa mankhwala, mwam'landanso pompano? Iyeyo wanena ziti?"

Amene ankadikira anaseka. "Dipuloma yatha mafuta!" anatero bambo wina.

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana pepala lija ndipo ndinaona kuti zilembo zake zikuloleza zonse ziwiri, pakuti kalembedwe kathu sikasonyeza pokwera ndi potsika liwu. Mwanayo akanalemba kuti "ndinkalandira" kapena "ndikulandirabe", nkhani ikanatha. Mizere yoyandikana nayo inkangokamba za mvula ndi kupereka moni. Ndinazindikira kuti zaka zonsezo ndinkasankhira anthu liwu mosadziwa, ndipo kawirikawiri ndinkasankha lotonthoza.

Ndinalingalira mbali zonse. Ndikanena kuti akulandirabe, mayiyo asunga ntchito, koma mwina mwana wasiyira mankhwala panjira. Ndikanena kuti analeka, mwina ataya nyumba pachabe.

"Amayi, pepalali silikunena. Liwu lija linali langa."

Mayiwo anatchula okha mawuwo, uku ndi uku, motsitsa, ngati akumvetsera mwana wawo ali kuseri kwa chitseko.

"Ameneyu akafuna kundibisira kanthu amafupikitsa nkhani. Ndilembereni chopempha tchuthi."

Ndinalemba, ndipo akapitawo anavomera masiku atatu okha, monyinyirika. Mayiyo anakwera minibasi m'mawa mwake. Anabwerako tsiku lachitatu ali ndi mwana wawo, wowonda kwambiri, amene anali atalekadi mankhwala atangoyamba kupezako bwino. Lolemba lotsatira anakamuyambitsanso mankhwala kuchipatala cha boma, iwo n'kubwerera m'munda ndi dengu kumsana.