Atatu Kuno, Anayi Uko

Apongozi anga aamuna anthu amawatchula kuti a Chikhatho. Akaitanidwa pa firiji yodwala sayamba ndi sipanala. Amaika chikhatho pa kompresa, mtima wa firiji, kenako pa mapaipi akumbuyo, n'kutsinzina pang'ono, ndiyeno amatchula matenda. Akhala akukonza mafiriji zaka makumi atatu ndi zinayi. Sukulu anailekera panjira, koma masamu a pa katoni amawatha kuposa ine amene ndili ndi setifiketi yopachika pakhoma. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kashedi ka malata kodzaza ndi mafiriji akufa, ndipo mu firiji ina amasungamo nsapato zawo zabwino kuopa makoswe.

Ine ndinakwatira mwana wawo wachiwiri, ndipo ndine mlembi wa bungwe la alimi a mkaka. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikumva apongozi akunena kuti, "Firiji siipanga kuzizira, akamwini. Imangosamutsa kutentha, kuchotsa m'kati n'kukataya kunja." Ndinkavomera mwaulemu, manja pamodzi, koma kunena zoona sindinkamvapo kanthu.

Chaka chatha makina oziziritsa mkaka a bungwe lathu anafa imfa yosadzukanso. Apongozi anang'amba katoni n'kuyamba kulemba. Mkaka wa m'mawa ndi malita 360. Umafika uli pa madigiri 34, ndipo galimoto ya fakitale, yomwe imabwera pakatha maola atatu, imaufuna uli pa 4. Kuti utsike madigiri 30 amenewo, pafunika kuchotsamo kutentha kokwana mayunitsi 12, mayunitsi omwewa timawerenga pa mita ya magetsi.

"Khumi ndi awiri pa maola atatu," anatero. "Mukapeze makina ochotsa anayi pa ola."

Komiti inatuma ine, poti ndine wowerenga. M'sitolo ndinapeza makina okongola a mapaipi anayi, awiri a madzi ozizira, awiri a madzi otentha. Pepala lake linati ndi pampu yotenthetsa madzi yomwe imaziziritsanso, imadya yuniti imodzi pa ola, ndipo pansi pake panalembedwa kuti COP 4. Wogulitsa anati nambala imeneyo ndi zimene makina amapereka pa yuniti iliyonse imene adya. Ndinachulukitsa mumtima, kamodzi kuchulukitsa ndi kanayi, anayi. Ndinaona kuti tapeza ziwiri pamodzi: mkaka uzizizira, madzi otsukira zigubu azitentha. Ndinabwerera ndikuyenda monyang'wa.

Apongozi atatsegula bokosi anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Akamwini, anayi awa ndi a mbali iti?"

"Alemba pamenepo, bambo. COP 4."

"Ndaona. Nanga tingabweze?"

"Anati katundu akatuluka watuluka."

Anangoti "Oho," n'kuyamba kulumikiza mapaipi. Atamaliza anauza atcheyamani kuti makinawo aziziziritsa atatu pa ola basi. Atcheyamani anali pafoni, ndipo anangokweza chala chachikulu.

M'mawa woyamba dalaivala wa fakitale anaviika choyezera kutentha chake mu thanki ya mkaka, n'kuchitulutsa, n'kuchigwedeza, n'kuchiviikanso. Madigiri 11 ndi theka. Anakana mkaka wonse. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu alimi anabwerera ndi zigubu zawo panjinga, mkaka ukusasa panjira, ndipo madzulo ake mphekesera inali itafika paliponse: pepala likuti anayi, a Chikhatho akuti atatu, ndiye kuti mkuluyo wachotsa kompresa yatsopano, waibisa m'kashedi kake, n'kuikamo yakale. Nanga mafiriji onse aja amawasungiranji?

Mkazi wanga analira. Ine ndinamutonthoza, koma ndivomere chinthu chochititsa manyazi: mumtima ndinkadzifunsanso kuti m'modzi wosowayo wapita kuti. Anayi kuchotsa atatu, kusukulu kwathu kunkatsala m'modzi.

Komiti inaitana msonkhano Loweruka m'mawa m'chipinda cha thanki momwemo. Atcheyamani ananena poyera kuti zikapezeka kuti ndi zoona, a Chikhatho asadzapondenso pabungwepo, ndipo onse a mabutchala ndi magolosale adzauzidwa. Munthu wokonza mafiriji amalowa mpaka kukhitchini kwa anthu. Akangotchedwa wakuba, ntchito yake yathera pomwepo.

Apongozi anapempha migolo iwiri ya malita 210 n'kuidzaza madzi a pampopi. Mapaipi ozizira anawalowetsa mu mgolo wakumanzere, otentha mu wakumanja. Anapereka choyezera kwa mayi wina wa ng'ombe zisanu ndi ziwiri, yemwe ndiye ankakuwa kwambiri.

"Mayi, tiwerengereni."

"24 kuno. 24 ukonso."

"Atcheyamani, inu khalani pa mita. Ikadya yuniti imodzi mukuwe. Koma tisanayatse, gwirani ichi: yuniti imodzi ya kutentha ikalowa mu mgolo ngati uwu, madzi amakwera madigiri anayi. Ikachokamo, amatsika anayi."

Tinadikira ola lathunthu. Munthu wina anafunsa ngati migoloyo ndi mbali ya chilango. Wina anapita kukakama n'kubwerako. Atcheyamani atakuwa, apongozi anazimitsa makina, navundula madzi ndi ndodo, ndipo mayi aja anayezanso. Kumanzere 12. Kumanja 40.

"Kumanzere atsika madigiri khumi ndi awiri," anatero apongozi. "Gawani ndi anayi."

"Atatu!" anakuwa atcheyamani. "Mwadzigwira nokha, madala!"

"Kumanja akwera khumi ndi asanu ndi limodzi. Gawani ndi anayi."



"Anayi," anatero mayi aja motsitsa mawu, akuyang'ana choyezera ngati chawanamiza.

Apa ndiye mitu inaima. Wina anati makinawo ndi awiri m'bokosi limodzi, abwino ndi oipa. Wina anati titembenuze mapaipi kuti anayiwo apite ku mkaka. Atcheyamani anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Taimani kaye," anatero. "Kuno kwachoka atatu. Uko kwafika anayi. Poyamba timati mwaba m'modzi, tsopano mwaonjezera m'modzi. Mwamutenga kuti?"

"Kwa inu, atcheyamani."

"Kwa ine?"

"Pa mita paja munaima. Yuniti imene makina adya siithera m'malere ayi. Kompresa ikamapopa, magetsi aja amasanduka kutentha, n'kutsatira anzake ku mbali yotentha. Atatu ochoka mu mkaka, kuphatikiza m'modzi wa magetsi, anayi. Mukawayesa ngati firiji, mumawerenga zimene achotsa: atatu pa yuniti, COP 3. Mukawayesa ngati pampu yotenthetsa madzi, mumawerenga zimene apereka: anayi pa yuniti, COP 4. Makina ndi amodzi omwewa. Nambala yotenthetsa imaposa yoziziritsa ndi m'modzi nthawi zonse."

"Ndiye tikudya imodzi n'kupeza zisanu ndi ziwiri?" anafunsa mkulu wina kumbuyo.

"Ayi, achimwene, kutentha kwake ndi komweko, kwangosamuka."

"Ndiye tikupeza zingati?"

"Zitengera mwaima mgolo uti."

Mkuluyo anasuntha n'kukaima pakati pa migolo iwiriyo, ndipo anthu anaseka koyamba m'mawa umenewo.

Ine sindinaseke. Ndinali nditayamba masamu m'mphepete mwa buku la msonkhano. Atatu pa ola, maola atatu, asanu ndi anayi. Mkaka umafuna 12 kuti utsike madigiri 30, ndiye 9 autsitsa 22 ndi theka. 34 kuchotsa 22 ndi theka. Ndinabwereza kawiri, ndikupemphera kuti ndalakwitsa, koma yankho linali lomwe lija la dalaivala, 11 ndi theka. Makina analibe vuto, kompresa inali yake yomwe. Anayi amene ndinagula anali a madzi otsukira zigubu. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndinadyetsa mudzi wonse wa alimi. 

Apongozi anali akufotokoza kuti mkaka ufunika maola anayi m'malo mwa atatu, ndiye komiti ipemphe galimoto kuti izimalizira kwathu, kapena alimi azikama molawirira ndi ola. Mayi aja anapepesa pakamwa pokha, maso ali pa mgolo. Koma atcheyamani sanathe nazo. Mkaka wa masiku atatu unali utatayika, ndipo alimi panja ankafuna dzina.

"Chabwino, simunabe. Nanga analakwitsa ndani kuti tigule atatu pamene timafuna anayi?"

Apongozi anapukuta manja pa ovolosi, osandiyang'ana n'komwe.

"Ndine," anatero. "Ndinangoti anayi, osanena mbali. Ukalamba uwu."

Linali bodza. Anati ochotsa anayi, n'kulembanso pa katoni ija, yomwe inali idakali m'chikwama changa. Sindinawamvepo akunama chikhalire, ndipo bodza lawo loyamba linali loteteza ine, munthu amene masiku atatu apitawo ndinkawakayikira mumtima.

"Alembi, lembani," anatero atcheyamani. "Amisiri avomera kuti analangiza molakwika. Ntchito ya makinawa tipatsa wina."

Ndinaimirira. Ndinatulutsa katoni ija n'kuipereka kwa mayi aja kuti awerenge mokweza. Kenako ndinati bambo ananena bwino, anandifunsanso kuti anayiwo ndi a mbali iti, ndipo ine ndinawayankha ngati wodziwa pamene sindinkadziwa kuti pali mbali.

Phokoso lake silinali la masewera. Wina anati setifiketi yanga ndikafunditse ng'ombe. Atcheyamani anati za ulembi wanga akambirana mwezi wa mawa, koma pakali pano mlembi ndidakali ine, ndiye ndilembe zimene ndanenazo. Ndinakhala pansi n'kulemba, liwu ndi liwu.

Anthu atatuluka tinatsala awiri ndi migolo yathu. Ndinkayembekeza mawu, kaya odzudzula kaya otonthoza. Apongozi anaviika chala mu mgolo wakumanja.

"Madziwa akadali otentha, akamwini, tisawataye," anatero. "Bweretsani zigubu zija. Inu muzitsuka, ine ndizitsukuluza."