A Zimitsani ndi Foda ya Madamu

Ana a pasukulupo ankawatchula kuti a Zimitsani, chifukwa mankhwala awo anali amodzi pa matenda onse. Kompyuta ikauma, pulinta ikakana ntchito, mphunzitsi wa makompyutayu ankangoti, "Zimitsani muyatsenso." Chonyansa n'chakuti nthawi zambiri zinkathekadi.

Anali mwana wa munthu wokonza mawailesi, wokulira pakati pa timawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Anaphunzira pasukulu yomweyo, anapita ku koleji, n'kubwereranso ngati mphunzitsi. M'thumba la malaya, momwe anzawo ankaikamo cholembera, iwo ankaikamo kasikuludiraiva. Sanali munthu woipa, ayi ndithu. Nthenda yawo inali imodzi: pamaso pa munthu wamkulu, mawu akuti "ntchitoyo sindinaichite" ankawavuta kunena.

Labu yawo inali chipinda chachitali cha makatani ofwifwa, makompyuta akale atandandalika m'mbali mwa khoma. Pa tebulo lawo panali kompyuta yaikulu, ndipo ntchito ya aliyense, ana ndi aphunzitsi omwe, inkasungidwa m'menemo kudzera pa netiweki. Mafulashi anawaletsa m'labumo chifukwa ankabweretsa mavairasi, ndipo lamulolo ankalinyadira.

Vuto linayamba tsiku lomwe kunabwera oyendera sukulu. Ahedi, pofuna kuonetsa alendo kuti zinthu zili m'chimake, anafunsa mokweza kuti, "Aphunzitsi, bakapu ilipo, si choncho?"

"Ilipo, bwana," anayankha a Zimitsani.

Linali bodza lovala jekete, pakuti bakapu yeniyeni ndi kukopera mafayilo n'kuwasunga pamalo ena. N'zoona kuti kumapeto kwa sabata ankakopera mafayilo onse kuchoka pa C kupita pa D. Koma C ndi D anali magawo awiri a hadi disiki imodzi, ngati zipinda ziwiri za nyumba imodzi: moto ukabuka, sufunsa kuti katundu ali chipinda chiti. Kukopera kotero kumapulumutsa munthu amene wafufuta fayilo mwangozi, koma disikiyo ikafa, zonse zimafera limodzi. Iwo ankadziwa zimenezi. Ankaziphunzitsa m'kalasi, mpaka kuzifunsa pa mayeso.

Amene anakhulupirira mawuwo ndi mtima wonse anali madamu a bayoloje, mayi wachikulire amene anawaphunzitsa a Zimitsaniwo akadali kamnyamata ka makutu oima. Madamu anali pafupi kupuma pa ntchito, ndipo anali ndi cholinga chimodzi: kutaipa manotsi awo a moyo wonse, ndi mafunso ndi zitsanzo zomwe, kuti akasindikize kabuku kosiyira ana. Kwa zaka ndithu, ana akaweruka, ankakhala pakona ya labu n'kumagogoda ndi zala ziwiri, mphuno ili pafupi ndi sikirini chifukwa maso anali atayamba kuwakana. Mapepala awo akale anali atavunda ndi chinyezi, ndipo mutu uliwonse akamaliza kutaipa ankawataya ndi chimwemwe.

"Mwana wanga, ndigule kafulashi ndizisungamo zangazi?" anafunsa tsiku lina.

"Musataye ndalama, madamu. Bakapu ilipo."

"Wanena ndiwe."

Kenako kompyuta yaikulu ija inayamba kudwala. M'mawa uliwonse, poiyatsa, inkaima pa sikirini yakuda n'kuchenjeza kuti hadi disiki ili pafupi kufa: sungani mafayilo kwina, musinthe disiki, kapena dinani batani la F1 kuti mupitirire. A Zimitsani ankadina F1. Mafayilo anayamba kuchedwa kutseguka, ena kukaniratu. Makompyuta ena a ana anayambanso khalidwe lomwelo, popeza onse anabwera pamodzi ndipo ankakalambira pamodzi.

Apo mpamene a Zimitsani analembera ahedi kalata, ndipo tinene zoona, inali kalata yabwino. "Bwana," inatero, "mahadi disiki a m'labu atopa, ndipo ya kompyuta yaikulu ikhoza kufa tsiku lililonse. Ndikupempha ndalama zogulira madisiki atsopano, komanso madisiki awiri akunja osungirako bakapu. Imodzi izikhala m'labu, ina izitsekeredwa mu ofesi mwanu, tizizisinthanitsa sabata iliyonse, ndipo tiziyesa kutsegula mafayilo a pa bakapuyo kuti titsimikize kuti ali bwino." Zonse zinalimo kupatula chiganizo chimodzi, chonena kuti pakali pano bakapu yeniyeni kulibe.

Ahedi anawaitana. Anali bambo wachilungamo koma wopanikizika: denga la kalasi ina linkadontha, pampu ya madzi inali itafa, ndipo aliyense wolowa mu ofesimo ankabwera ndi dzanja lotambasula.

"Kalata yanu ndawerenga," anatero ahedi. "Koma pandisokoneza pamodzi. Si inu munandiuza pamaso pa alendo kuti bakapu ilipo?"

Mpata unali umenewo. A Zimitsani anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Ilipo, bwana. Kungoti... siyokwanira kwenikweni."

"Koma ilipo?"

"Ilipo."

"Ndiye ipirire mpaka teremu ikubwerayi. Ana sangamwe kompyuta, aphunzitsi. Ndiyambe ndi pampu."

A Zimitsani anatuluka atakwiya, ndipo mkwiyo wa munthu amene akudziwa kuti wolakwa ndi iye mwini umakhala woopsa. Kunyumba anadandaulira akazi awo, amene ankasita yunifolomu ya ana akumvetsera ndi khutu limodzi.

"Nanga kafulashi kali pa makiyi anuko n'kokongoletsera?" anafunsa mayiwo. "Bwanji osangokopera zofunikazo?"

"Iwe sukuwadziwa mabwana. Ndikangotseka dzenje ndi zanga, azidzati mwaona, zatheka popanda ndalama. Ziwonongeke kaye, aone."

"Ziwonongeke za ndani, bambo a ana?"

Mumtima a Zimitsani anati foda ya madamu yokha aikopera, inali yaing'ono, ntchito yoti tiyi asanazizire yatha. Anati achita mawa. Mawa lake kunali msonkhano, mkuja wake anaiwala makiyi m'jekete lina, kenako kunabwera kulemba mayeso a ana. Akuluakulu sananame, zengerezu adalinda kwawukwawu.

M'mawa wina kompyuta ija sinapemphenso F1. Inangoti siikupeza poyambira, ndipo m'kati munkamveka kuti tiki, tiki, tiki. Disiki ikamalira choncho, nzeru ndi kuizimitsa n'kuisiya, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera kukanda m'kati. A Zimitsani ankadziwa. Koma mantha alibe sukulu: anazimitsa n'kuyatsanso, kuzimitsa n'kuyatsanso, thukuta lili chuchuchu, mpaka kulirako kunasanduka kukwecha. Anaichotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, koma siinaoneke n'komwe. Wokonza makompyuta wa m'tauni anaimvetsera kamodzi n'kupukusa mutu: timbale ta m'kati tinali titakandika, ndipo ngakhale akatswiri odula sakanalonjeza kanthu.

Ntchito za ana zinali zoti akhoza kuzibwereza, ndipo aphunzitsi ena anali ndi mapepala awo. Madzulo ake madamu analowa, chikwama chili m'khwapa.

"Ndamva kuti chimakina chako chafa. Nditsegulire za ku bakapu kuja, mwana wanga, lero ndikumaliza mutu wa impso."

"Madamu, bakapu yapitira limodzi."

"Limodzi bwanji?"

"Zonse zinali m'kompyuta yomweyo."

Madamu anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanalire, sanakalipe. Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi ngodya ya mpango wawo kwa nthawi yaitali.

"Zonse?"

"Zonse, madamu."

"Makinawa alibe chisoni," anatero, n'kunyamuka. Sanafunsenso, poganiza kuti umu ndi momwe makompyuta amachitira. A Zimitsani anamva manyazi mpaka m'mafupa.

Nkhani inafika ku komiti ya sukulu, ndipo kalata ija inawerengedwa mokweza. Anthu anagwedeza mitu: taonani mphunzitsi wochenjera, anaoneratu ngozi, analemba zonse momveka! Maso onse anatembenukira kwa ahedi. Bambowo anaimirira n'kunena kuti, "Anandichenjeza, ine ndinachedwa. Kulakwa ndi kwanga." M'chipinda cha aphunzitsi anzawo ankawagwira a Zimitsani paphewa, wina mpaka kuwagulira chakumwa chozizira. Iwo anachisiya patebulo osachimaliza.

Msonkhano utatha, ahedi anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Ndifunse ngati mbuli, aphunzitsi. Bakapu ija inali kuti?"

"Pa D, bwana."

"Nanga D ameneyo amakhala kuti?"

A Zimitsani anayang'ana nsapato zawo. Ahedi anadikira, kenako anapuma mozama, anakoka kalata ija n'kusaina.

"Kagulenitu zonse mwalembazi. Za komiti ndasenza ine, sizindipha. Koma madamu aja sindiwauza ine. Ameneyo ndi katundu wanu."

Madisiki atsopano anabwera. A Zimitsani anaika zonse monga analembera: bakapu ya tsiku ndi tsiku, disiki ina m'kabati ya ahedi, kuyesa kutsegula mafayilo sabata iliyonse. Labu yabwino ngati imeneyo kunalibe m'dera lonselo, ndipo iwo ankailowa ngati akulowa m'khothi. Kunyumba akazi awo sananene kuti ndinakuuzani. Ankangowaikira madzi osamba mwakachetechete, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kunena.

Patangotsala masabata ochepa kuti apume, madamu anabweranso. Anakhala pakona pawo paja n'kutsegula tsamba loyera.

"Ndiyambirenso zomwe ndikukumbukira," anatero. "Kabuku sikatheka, koma mitu ingapo ikhoza kutuluka."

Anataipa mutu woyamba, n'kuima. Zala ziwiri zija zinalendewera pamwamba pa mabatani. Milomo inkayenda, kufunafuna chiganizo chomwe anachilemba kalekale ndipo anachitaya m'mutu atachisunga pamalo otetezeka. A Zimitsani anaimirira kumbuyo kwawo. Mawu onse anali atawakonza: ndinakunamizani, ndinakuletsani kugula fulashi, ndikanatha kuzipulumutsa koma ndinkafuna ahedi aone.

"Madamu."

"Ee?" Anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa. "Iii, taona momwe waondera! Usamadziimbe mlandu, mwana wanga. Iwe unachita mbali yako, unalemba kalata. Ena onse anangokhala."

A Zimitsani anatsegula pakamwa. Anaona maso ofooka aja akuwayang'ana mwachikondi, anaona tsamba loyera lija.

"Ndimati... ndikukulitsireni zilembo?"

"Kulitsa, bambo," anatero madamu, akusendera kuti awapatse malo. "Pakanapanda iwe pasukulu pano, ine ndikanadalira ndani?"