Nyumba ya Kumudzi Imene Ndinamanga pa Laputopu

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu kosindikiza ku Ndirande, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa makala. Ntchito zanga zinali makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, koma pachitseko ndinalemba kuti ndine dizaina. Nditaphunzira kupanga zithunzi ndi makina anzeru a AI, ngakhale kayendedwe kanga kanasintha.

Tsiku lina m'mawa kunabwera alamu anga, akulu ake a mkazi wanga. Iwo ankaoda nyale za sola ku Limbe n'kumakagulitsa m'misika ya kwawo ku Phalombe. Anatulutsa nyale imodzi m'chikwama n'kuiika patebulo.

"Ndikufuna positala, alamu. Nyumba ya kumudzi, usiku, m'kati mukuwala bwinobwino, munthu aziona n'kusirira. Tipite liti kukajambula?"

Ndinaseka. "Zopita kumudzi zinatha kalekale. Masiku ano timangolemba pulomputi, kuwauza makina chithunzi chimene tikufuna, basi iwo n'kujambula. Khalani pansi muone."

Ndinalemba m'Chingerezi mzere umodzi wokha: nyumba ya kumudzi usiku, yowala mofunda. Chithunzi chitatuluka, tinaona nyumba yamiyala ya Azungu, utsi ukutuluka m'chumuni, chipale chofewa chili mbuu pabwalo.

"Ku Phalombe kwazizira chonchi liti?" anafunsa alamu.

Ndinati makinawo akungotenthetsa injini. Ndinawonjezera mawu akuti mu Afirika. Apa panabwera kanyumba kozungulira kaudzu, mlambe kumbuyo, ndi nyamalikiti itaima chapatali ngati nayonso ikudikira kugula nyale. Pachithunzipo panalinso nyale ya lawi lamoto m'kati, ndipo mwana amene anaigwira anali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Wometa uja, amene anali atasiya kasitomala ndi mutu wometa mbali imodzi n'kubwera kudzaonerera, anaseka mpaka kugwira chitseko.

Vuto linali lakuti makinawo amangodzaza okha zimene sunawauze, ndipo ine ndinalibe zambiri zowauza. Ndinabadwira ku Ndirande konkuno. Kumudzi ndinkangopitako pamaliro, n'kubwerako tsiku lomwelo ndikudandaula za fumbi.

Ndiye tinayamba kumanga nyumbayo limodzi, alamu akunena, ine ndikulemba. Njerwa zootcha zosapaka pulasitala. Denga lamalata. Khonde lozira. Chitseko chotsegula, mayi akusankha nyemba m'lichero, ana awiri akuwerenga pamphasa. Ndinawonjeza kuti kuwala kuchokere pa nyale imodzi yokha yopachikidwa padenga, pasakhale lawi, ndipo kumwamba kutsale malo amdima olembapo mawu.

Tinakangana pa mtundu wa kuwala. Nyale yawo inkawala zoyera, koma titayesa zoyera pachithunzi, nyumbayo inaoneka ngati chipinda cha kuchipatala. Titayesa zachikasu, alamu anati, "Uku ndi kuwala kwa koloboyi. Anthu aziti ndikugulitsa palafini." Tinagwirizana zapakatikati: nyale yoyera, koma kuwala kwake kukafika pa njerwa kuzioneka kofiirira, kofunda.

Nyale yeniyeniyo makina analephera kuijambula. Nthawi iliyonse ankapeka yawoyawo. Mawu a Chichewa nawo ankawalemba ngati munthu woledzera. Choncho ndinajambula nyale ya alamu ndi foni, n'kuiika pachithunzipo ndekha, mawunso n'kulemba ndekha. Alamu anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Iyi ndiye nyumba," anatero. "Sindikizani, ndidzatenga mawa."

Atachoka, udizaina unandigwiranso. Pabwalo panaoneka mbee, opanda moyo. Ndinadzifunsa kuti kumudzi pabwalo pamakhala chiyani, ndipo ndinauza makina kuti aikepo nkhuku zikutolatola. Zinatuluka zokongola, tambala ali patsogolo. Ndinasindikiza, n'kukulunga mapositalawo bwinobwino. Alamu anawatenga osawatsegula, akuthamangira minibasi.

Loweruka masana anandiimbira foni. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la msika ndi anthu akuseka.

"Alamu, nkhuku izi zachokera kuti?"

"Ndinangokongoletsako pang'ono."

"Munaionapo nkhuku ikudya usiku, nyenyezi zili kumwamba?"

Kunena zoona, nkhuku zambiri zimene ndinkazidziwa zinali zootcha kale.

"Msika wonse waunjikana pano," anapitiriza. "Bambo wina akuti nyale imeneyi ndi yoopsa, mpaka nkhuku zikuyesa kuti kwacha. Wagula ziwiri."

Ndinapuma, n'kuyamba kufotokoza kuti n'zimene ndinkafuna kuyambira pachiyambi, kuti pa zamalonda timati kukopa maso.

"Musandinamize, alamu," anandidula. "Sabata yamawa kuli chinkhoswe kuno. Mubwere ndi mkazi wanu, ndipo mugone. Mudzaone nokha nthawi imene nkhuku zimalowa m'khola."

Ndinapita, ndipo ndinagona. Zimalowa dzuwa likamalowa, popanda wozikusa.