Gershom ndi Mkanda Woyera

Ku Nangongwe, mukadafunsa za munthu wosaopa kanthu, akadakulozerani Gershom Sakala. Mphiri yomwe inalowa m'kantemba, kagolosale ka ba Molly, anaitulutsa ndi iyeyu, ndi mpini wa tsache, eni kantemba ali pamwamba pa mafiriji akuitana Yesu. Koma chaka chomwe anakwatira, mwamuna wa zaka makumi atatu ndi chimodzi ameneyu ankatuluka thukuta chifukwa cha kanthu kosalemera ngakhale ngati nthenga: mkanda woyera.

Agogo ake anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Iye njanjiyo anaipeza itasiya kale kulemba anthu, choncho anakhala woyang'anira mapampu a madzi pa famu ina ya ndiwo zamasamba ku Shimabala. Ntchitoyo ndi yosavuta kuifotokoza. M'mawa uyatsa, utsegula mipope, kenako ukhala. Ukhala m'kanyumba ka malata, wekha, injini ili kukuwa m'khutu mpaka dzuwa kupendeka. Gershom anakhala m'menemo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mnzake wokhulupirika anali foni.

Zinayamba ndi kavidiyo kamodzi ka zolaula komwe mnzake wa pa thirakitala anamutumizira moseka. Kenako anaphunzira kuzifunafuna yekha. Poyamba kamodzi pa sabata kankakwana. Patapita chaka zinali za tsiku ndi tsiku, nthawi zina kawiri, akudzithandiza yekha chitseko atachitchinga ndi chigubu cha dizilo. Zomwe zinkamutenthetsa magazi chaka chatha, chaka chino zinkazizira ngati tiyi wa dzulo. Ankadumpha kuchoka pa ina kupita pa ina ngati munthu wa pa salaula, pa msika wa zovala zakale, amene agwira malaya alionse koma osagula, kufuna zachilendo, zoopsa kuposa zoyamba. Sanaone vuto. Anali mbeta, ndipo palibe amene ankamudikira.

Ndiye kunabwera Mainess, mtsikana wosoka zovala ku msika, wa mawu ochepa ndi maso osaphonya. Anakwatirana bwinobwino, ndi ankhoswe ndi zonse. Mainess anapita kwa alangizi, ba Tinenenji, mayi amene theka la maukwati a ku Nangongwe linadutsa m'manja mwake, ndipo anabwerako ndi zingwe zitatu za mikanda. Amene munakwatira mwa mwambo mukudziwa. Wofiira ukapachikidwa pa khoma la kuchipinda, mayi ali kumwezi. Wakuda, nthawi yometana yakwana. Woyera, njira ndi yotseguka, bambo takulandirani.

Usiku woyamba zinakanika. Anati ndi kutopa kwa ukwati, ndipo anaseka onse awiri. Wachiwiri zinayamba, n'kufera panjira. Pofika mwezi wachitatu panalibenso woseka. Gershom ankamukonda mkazi wake, ankamuona kuti ndi wokongola, koma thupi linkangokhala chete ngati silikumudziwa. Chodabwitsa n'chakuti m'kanyumba ka mapampu, pamaso pa foni, zonse zinkayenda. Ankapita kukadziyesa kumeneko kuti atsimikize kuti akadali mwamuna, n'kubwerera kunyumba ali woipiraipira.

Tsopano akatsika minibasi madzulo, miyendo inkalemera. Akalowa kuchipinda kukavula ovolosi, maso ankathamangira pa msomali. Ukakhala wofiira, ankapuma ngati wopulumuka pa ngozi, n'kudya nshima mitanda iwiri. Ukakhala woyera, ankayamba kusakasaka zifukwa. Anayamba kudwala mutu wosankha masiku. Anayamba kukonda kwambiri nkhani za pa wailesi. Tsiku lina anakonza mpando womwe sunali wothyoka.

Mainess anapirira miyezi isanu. Anasintha tsitsi. Anasoka diresi latsopano. Kenako Lachinayi lina Gershom anapeza ba Tinenenji atakhala pakhonde, chitenje atamanga zolimba.

“Mwana wanga, nkhala pansi,” anatero alangiziwo. “Mukazi wako anabwera kwa ine alikulira. Akamba ati m'nyumba muno moto ulibe. Nanga nkhuni uzipereka kuti?”

“Ba mayi, kulibe kwamene nizipereka.”

“Mwamuna wa msinkhu wako? Usaniyese mwana. Kapena uli na wina, kapena wina anakumanga. Pa Sondo amalume ako na amalume ake azankhala pano. Uzakamba pamaso pao. Ngati kulibe yankho, mwana wa bene abwerera kwao.”

Mudziwe kuti nkhani yokambidwa pamaso pa amalume awiri ku Nangongwe, Lolemba imakhala itakwera kale minibasi ya ku Lusaka. Gershom anadziona akudutsa pa msika, azimayi a tomato akugwirana zigongono. Koma choposa manyaziwo, anaona msomali uja ulibe kanthu, ndi makina osokera atachoka pakona pake.

Lachisanu anagula ufa wa mizu kwa bambo wina wa pa siteshoni, amene analumbira kuti ngakhale nkhalamba imataya ndodo. Anauzidwa kasupuni kamodzi. Iye, pofuna kutsimikiza, anathira katatu. Loweruka m'mawa anadzuka mutu ukung'ambika, mtima ukuthamanga ngati pampu yomwe yayamwa mpweya. Anaganiza kuti akufa, ndipo chomwe chinamuopsa kwambiri n'chakuti pamaliro anthu adzafunsa chomwe anamwa.

Ku kiliniki anapeza ba Choolwe, dokotala wa imvi pang'ono amene sadabwa ndi kanthu. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamubaya chala kuona shuga, n'kumugoneka kwa kanthawi mpaka mtima unakhazikika.

“Simuzafa lelo,” anatero. “Koma uja ufa mutaye. Simuziba vamene baikamo. Manje niuzeni, munamwera chani?”

Gershom anayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali, kenako anayankha kalendalayo. Ba Choolwe anafunsa za fodya, za mowa, za mankhwala ena alionse. Zonse ayi.

“Kuseni mukauka, thupi imauka nayo?”

“Masiku ambiri.”

“Nanga mukankhala mweka?”

“Ilibe vuto.”

“Mweka na maganizo chabe, olo na foni?”

Apa Gershom anafuna pansi patseguke. Ananena zonse, zaka zisanu ndi ziwiri, mawu akutuluka ngati madzi a mumpope wotsekeka.

“Ba Sakala, shuga ili bwino, ndipo ngati kuseni vimachitika, ndiye kuti mitsipa na magazi visebenza. Kulibe anakumangani. Imwe musebenza na injini. Mukachoka mu ija nyumba, munthu akakamba pansipansi, mumamvera?”

“Iyayi. Matu amankhala alikulira.”

“Ni pafupi na vamene ivo. Si aliyense otamba mavidiyo amene amavutika, ndipo ophunzira akali kutsutsana pa nkhani iyi. Koma timabaona amuna monga imwe. Bongo ikazolowera vatsopano miniti iliyonse, na thupi ikazolowera manja yanu, mukazi mmodzi weniweni amankhala monga mawu a pansipansi. Ndiye pabwera chachiwiri, mantha. Mukalephera kamodzi, muyamba kuziyang'anira monga kapitao. Thupi ya munthu wamantha ikonzekera kuthawa, osati kukonda.”

“Manje vizasila?”

“Kwa ambiri vimasintha. Ena masabata, ena myezi. Lekani mavidiyo. Musaziyese tsiku na tsiku. Na madamu, poyamba muzingogwirana, kuseka, kulibe mayeso. Pakapita myezi itatu kulibe kusintha, bwerani, tizaona vina. Koma mufunika kubauza. Pali pano baganiza kuti vuto ni beve.”

Mphiri ija inali yosavuta. Gershom anayenda wapansi kuchokera ku kiliniki, njira yaitali, akuyeseza mawu, ndipo onse anathawa atangotsegula chitseko. Mainess anali atagwada pakati pa chipinda masana dzuwa lili phwee, akupinda zitenje m'chikwama chachikulu cha mizeremizere. Mikanda itatu ija inali pa tebulo.

“Niuzeni chabe zina yake,” anatero osatembenuka. “Sinizamumenya. Nifuna nimuone chabe, nizibe chamene nilibe.”

“Mainess, si mmodzi.”

Manja a mkaziyo anaima. “Bangati?”

“Sininabapende.”

“Mayo ine!”

“Iyayi, imilira! Si banthu. Ni banthu, koma… bali umu.” Anatulutsa foni, naitsegula pomwe sanatsegulirepo munthu, n'kuiika pa chikwama. Nambala yotsegulira anailakwitsa kawiri.

Mainess anayang'ana pang'ono, n'kuitembenuza chafufumimba ngati mbale yomwe yagwera ntchentche. Gershom anafotokoza za kanyumba ka mapampu, za ufa, za ba Choolwe ndi makutu olira.

“Myezi isanu,” anatero Mainess potsiriza. “Nasintha tsitsi katatu. Naleka kudya buledi. Nayenda kuyang'ana Jasmine wa ku saluni na diso loipa, mwana wa bene osalakwa. Kansi mukazi munzanga nimamuchajira neka ku magetsi?”

Gershom sanadziwe ngati aseke. Anachita bwino kusaseka, chifukwa misozi inatsatira, ndipo usiku umenewo anagona pa mpando uja anaukonza usanathyoke. Chikwama sichinamasulidwe.

Lamlungu amalume anafika atavala majekete a milandu. Ba Tinenenji anatsegula nkhani, n'kuloza Gershom kuti alankhule. Anaimirira. Anali atatsimikiza kunena zonse. Asanatsegule pakamwa, Mainess anagwada.

“Bakulu, pepani pokuvutisani. Matenda tayapeza, ni ya ku chipatala, ndipo ba dokota batipasa myezi itatu. Kulibe mukazi wina. Vinasala ni va m'nyumba mwathu.”

“Matenda bwanji?” anafunsa amalume a Gershom, amene anali atalipira minibasi kuchokera ku Kafue Estates ndipo ankafuna kubwerera ndi kanthu.

“Ya matu,” anayankha Mainess, nkhope ili phee.

Ba Tinenenji anamuyang'ana, nayang'ana mwamunayo, n'kutseka nkhani. Amalume anadya nkhuku n'kumapita, akumulankhula Gershom mokuwa.

Sikuti zinatha tsiku lomwelo. Foni yaikulu inakhala ya Mainess yojambulira madiresi, Gershom n'kutenga kafoni ka mabatani. Masabata oyamba m'kanyumba ka mapampu anali aatali ngati chilala. Dzanja linkapita lokha m'thumba. Kamodzi anabwereka foni ya wa thirakitala uja n'kugwanso m'zakale zija, ndipo anakaulula yekha kwa Mainess, akuyembekeza kuona chikwama chikutsika pa kabati. Sichinatsike, koma anadya nshima yopanda nkhani masiku awiri. Kuti manja apeze chochita, anayamba kulima kadimba ka repu kuseri kwa mapampu.

Madzulo ena, mwezi usanathe, analowa kuchipinda ndipo maso anathamangira pa msomali monga mwa chizolowezi. Panali mkanda, koma wobiriwira.

“Uyu ba Tinenenji sibananiuzepo,” anatero ndi mawu ouma. “Utanthauza chani?”

“Nabeve sibauziba. Napanga neka,” anayankha Mainess, akumusunthira malo pa bedi. “Utanthauza kulibe mayeso. Vulani nsapato, munkhale apa, muniuze va repu yanu.”

Gershom anakhala. Woyera uja unali m'kabati, ukudikira tsiku lake, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafunse kuti ndi liti.