Zipilala Zisanu za Bambo Gondwe

Bambo Hezekiah Gondwe, mwana wa mtchona wa ku Nyasalande, anagwira ntchito yomanga nyumba m'tauni ya Chitungwiza, kumene bambo awo anatchona, zaka makumi atatu. Chaka china Mai Muriel a ku dera la Unit D m'tauniyo anawaitana kuti awamangire mpanda wotalika mamita 30, msinkhu mita 1.8, wochindikala njerwa imodzi.

Bambo Gondwe anawerengera pa katoni. Khoma lokha linafuna njerwa 2,700, popeza malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi amadya njerwa 50. Chipilala chinayenera kuima pa mamita atatu alionse, zonse 11 kuwerengera ndi za kumapeto konse kuwiri. Chilichonse chinali cha mizere 21 ya njerwa zinayi, zonse pamodzi 924. Anawonjezera zosweka n'kunena kuti pafunika njerwa 3,800 ndi matumba 12 a simenti, kupatula maziko, thumba lililonse mawilibala atatu a mchenga.

"Sekuru, zachulukitsa," anatero Mai Muriel, kuwatchula agogo m'chilankhulo cha kumeneko. "Zipilala zisanu zikwana, ndipo mchenga muziwonjezera."

"Mphepo ikakankha, khomalo lidzatsamira chiyani, mayi?"

"Mukakana ndiitana wina."

Ntchito inali itasowa miyezi inayi, choncho anavomera.

Mu Januwale kunabwera mvula yamkuntho, ndipo khomalo linagwera kumsewu. Linapsinja Tereza, mayi wogulitsa tomato amene ankakhala m'mbali mwake, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Palibe amene anawaimba mlandu Bambo Gondwe, koma kuyambira pa maliro amenewo sanagwirenso njerwa. Lero amagulitsa misomali pa msika wa Chikwanha. Wina akawapempha kuti amuwerengere za mpanda, amangopukusa mutu n'kuyang'ana pansi.