Malisiti Amene Ndinasita

"Jambulaninso, akapitawo," anatero mayi wa mu ofesi. "Liyaleni patebulo. Dzanja lisanjenjemere."

Ndinajambula kachitatu. Foni inazungulira pang'ono n'kuonetsa zomwe zija. Tsiku, chofiira. Ndalama zonse, chofiira. Pa malisiti asanu ndi awiri inawerenga awiri okha.

Ndinayamba ntchito ya m'phiri ndili mnyamata, kusenza zikwama za alendo kuchokera ku Likhubula. Mawondo atayamba kulira, kakampani kena ka alendo kanandiika ukapitawo wa onyamula katundu. Ulendo ukayandikira ankandipatsa ndalama zokagulira mpunga, shuga, mafuta ophikira, makandulo. Potsika ndinkapereka malisiti.

Kale mayiwo ankakopera m'buku. Chaka chimenecho bwana anabweretsa pulogalamu ya pafoni. Ukajambula lisiti, iyo imatola tsiku ndi ndalama zonse za pansi paja n'kuziika pamndandanda umene bwana amauona ali ku Blantyre. Mzere umene yalephera kuwerenga imauika chofiira kuti munthu aone ndi maso. Munthu akaiona nambalayo amailemba. Ikapanda kuoneka, ndalamayo ili pamutu pako.

Ulendo umenewo chiperoni chinatigwira masiku atatu. Malisiti anali m'thumba la malaya. Ndinafika kunyumba atanyowa, atamatana. Ndinachita zimene ndakhala ndikuchita zaka zonse. Ndinawayala pabenchi, kufunditsa kansalu, kudutsitsa simbi ya makala. Nditachotsa nsalu, awiri olembedwa ndi bolopeni anali owongoka bwino. Asanu a pamakina a m'sitolo anali bii, ngati kunsi kwa mphika.

Mayi aja ananyamula limodzi, naliyang'ana pawindo.

"Koma inu! Munalikazinga?"

"Ndinasita."

"Munasita." Anayamba kuseka, ataona nkhope yanga analeka. "Pepala ili lilibe inki, bambo. Makina amalemba ndi kutentha. Inu mwalemba pepala lonse. Bwanji simunajambule musanakwere?"

"Lole inkanyamuka."

Zoona zake, foniyo ndinkaiopa. Ndinkadikira kuti tidzajambulire limodzi ndi mayiwo.

Ndinawauza zapamtima. Mpunga mwakuti, mafuta mwakuti, tsiku linali Lachiwiri. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi koma mtengo wa chinthu sindiiwala.

"Ndikukhulupirira," anatero. "Koma chithunzi chimapita limodzi ndi nambala. Ndikalemba nambala pansi pa pepala lakuda, wakuba ndikhala ine."

Ananditumiza kusitolo kuti akandisindikizire ena. Ndinapalasa njinga mpaka kumeneko, n'kuima pamzere. Mtsikana wa pamakina anati akufuna nambala ya lisiti. Ndinamuonetsa.

"Ndiye nambalayo ili pati, madala? Anthu akudikira."

Wamkulu wa sitolo anali atachoka. Mawa lake analipo, koma anati zofufuza malonda a sabata yatha alibe nazo nthawi.

Lachisanu ndinabwerera ku ofesi. Mayi aja anaimbira bwana, foni anaiika patebulo kuti tonse timve.

"Mizere yofiira isanu, munthu mmodzi," anatero bwana. "Ndipo onse ndi malisiti a ndalama zambiri. Aang'ono okha ndiye apulumuka. Mvulayo imasankha?"

"Si mvula, bwana. Ndi simbi."

"Amene munalowa m'malo mwake uja ankati ndi mbewa."

Munthu ameneyo ankafufuta malisiti dala, aliyense amadziwa. Ine ayi.

"Alendo anadya, bwana. Masiku anayi. Afunseni."

"Ndiimbire anthu kunja kuwafunsa makilo a mpunga? Kudya anadya. Funso ndi loti munagula zingati."

Bwana anati ndalamazo azidula pamalipiro mpaka zitakwana. Ntchito yogula zinthu aipereka kwa wina. Kapitawo wosagwira ndalama sakhala kapitawo. Ngati ndikufuna ntchito, zikwama zilipo.

Foni inaduka. Mayi aja anasuntha mapepala. Kenaka anatulutsa kalata. Inali yolembedwa kale.

"Sainani apa, aka..." Anameza mawuwo. "Sainani apa, bambo."

Ndinasaina. Dzina langa ndimalemba pang'onopang'ono, ndipo anadikira.

Panja anzanga anali atakhala pamizu ya mtengo, kudikira mayina a ulendo wa Lolemba. Ambiri ndinawaphunzitsa ine kumanga katundu. Nkhani inali itawapeza kale. Mmodzi anakuwa.

"Adobi! Malaya anga mundisitire, koma asapse!"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mayi aja anatuluka ndi pepala la mayina, naima pakhomo.

"Bambo, ndikulembeni? Chatsala chikwama chimodzi. Ndi cholemera, koma ndi ntchito."

Onse anandiyang'ana. Ndinatenga njinga pakhoma. Sindinakwere. Ndinaikankha kutsika msewu wa pakati pa minda ya tiyi.